Ndinatumiza mayeso a ntchito, kuli zii, ndipo ndapezamo cholakwika

Funso: Ndinafunsira ntchito yosamala deta ku bungwe lina kuno ku Lilongwe. Anatipatsa mayeso a Excel opangira kunyumba, maola 48, ndinatumiza Lachisanu cha m'ma 4 koloko nthawi isanathe. Anati atiyankha sabata yotsatirayo koma yatha, lero Lolemba, kuli zii, olo kungoti talandira. Dzulo ndatsegula fayilo ndaona kuti SUM yanga inathera pa mzere 1000 pomwe deta ikufika pa 1201. Msuweni wanga wandipatsa nambala ya bambo wina wa mu panelo. Ndiimbe, ndilembe, ndiulule cholakwikacho kapena ndingokhala duu?

Yankho: Achemwali, lembani imelo imodzi mawa m'mawa, cholakwikacho muulule momwemo, ndipo nambala ya msuweni wanuyo musaikhudze. Koma musanalembe pali ntchito ya lero, chifukwa poti sanakuuzeni olo kuti talandira, chinthu choyamba kutsimikiza ndi chakuti fayiloyo inafikadi. Ine ndakhala mu mapanelo ochonga mayeso amtundu umenewu kangapo ndithu ndipo ndaonapo anthu akugwa ntchito yawo isanatsegulidwe n'komwe.

Lowani mu imelo yanu, makamaka pa laputopu, mutsegule Sent. Muone zinthu zitatu: nthawi yomwe yalembedwa pa uthengawo, adilesi yomwe munatumizako chilembo ndi chilembo, komanso ngati fayilo ili pansi pake. Fayiloyo muitsitse kuchokera mu Sent momwemo n'kuitsegula, musakhulupirire ija ili pa kompyuta yanu, chifukwa zimachitika kuti munthu wasunga mafayilo awiri a maina ofanana n'kutumiza wakale uja wosamaliza. Ngati munatumizira pa foni ndiye muonenso Outbox, paja bandulo ikatha kapena netiweki ikagwa Gmail imangousunga uthengawo pamenepo n'kulemba Queued, inu muli phee kuganiza kuti zapita. Kenako sakani mu Inbox ndi mu Spam uthenga wochokera kwa Mail Delivery Subsystem, ameneyo ndi amene amakuuzani kuti imelo yabwerera, ndipo pa Spam pomwepo muonenso ngati yankho lawo silinagwere mmenemo, zimachitika kwambiri ndi maimelo omwe amatumizira anthu ambiri nthawi imodzi.

China chomwe chimapweteketsa anthu ndi linki. Gmail salola fayilo yopitirira 25 MB, ikakula kuposa apo imaiika pa Google Drive n'kutumiza linki m'malo mwa fayilo. Linkiyo ikakhala pa Restricted, wochonga akadina amangoona tsamba lomuuza kuti apemphe chilolezo, ndipo ndikuuzeni zoona, munthu amene ali ndi mafayilo 25 oti achonge sikawirikawiri kupempha, amangolemba kuti sinatseguke n'kupita kwa wina. Njira yoyesera ndi yophweka: kopani linkiyo muitsegule pa foni ya munthu wina amene si inu. Ikakana, sinthani ikhale Anyone with the link, osakhudza china chilichonse mkatimo. Fayilo ya mizere 1,200 siingafike 25 MB ayi, ndiye mwina izi sizikukukhudzani, koma mphindi ziwiri zokha mwatsimikiza. Zonse zikakhala bwino jambulani sikirinishoti ya uthenga wa mu Sent ikuonetsa tsiku ndi nthawi, muisunge. Apo nkhani ya nthawi samalaninso ngati olemba ntchito ali kunja: 5 koloko ya ku Nairobi ndi 4 koloko kwathu kuno, ndiye amene anauzidwa 17:00 EAT n'kutumiza 4:30 ya pa wotchi yake wachedwa ndi theka la ola osadziwa.

Tsopano za ziiyo. Inu mukuwerenga masiku 10, iwo akuwerenga masiku asanu a ntchito, lero ndi lachisanu ndi chimodzi, ndipo Lachisanu lomwe munatumiza lija musaliwerengere, mabungwe ambiri amaweruka masana tsiku limenelo. Taonani zomwe zimachitika fayilo yanu ikafika. Wa ku ofesi yolemba anthu ntchito amadikira onse atumize, amatsitsa mafayilo, malo ambiri amachotsa maina n'kuikapo manambala kuti ochonga asadziwe kuti uyu ndi ndani, kenako amagawira anthu awiri kapena atatu a mu panelo pamodzi ndi pepala la malikisi. Anthu amenewo kuchonga si ntchito yawo yeniyeni. Wina ali ku fildi ku Dowa, wina wapita ku wekishopu ku Salima (paja ija sajomba munthu), wina akulimbana ndi lipoti la opereka thandizo lomwe likufunika mawa. Fayilo imodzi ya Excel kuti uichonge bwino, kudina kabokosi ndi kabokosi kuona fomula, imadya theka la ola kapena kuposa, mafayilo 25 ndiye masiku awiri athunthu amene palibe ali nawo. Akamaliza akumane agwirizane pomwe asiyana malikisi, lipoti lilembedwe, abwana asainire, ndiye maimelo a intavyu atuluke. "Sabata yamawa" imene ananena ija inali chiyembekezo cha munthu mmodzi, sanafunse kalendala ya anzake.

Ndafotokoza zonsezi kuti muone chomwe imelo yanu ingathe ndi chomwe singathe. Siingakuwonjezereni malikisi, siingafulumizitse bambo ali ku Salima aja. Imatha kutsimikiza kuti ntchito yanu ili pa mulu womwe ukuchongedwa, imatha kukupezerani tsiku loti muziyembekezera, komanso kwa inu makamaka, imatha kuonetsa mmene mumachitira mukapeza kuti nambala yomwe mwapereka ndi yolakwika. Pa ntchito ya deta chimenecho si chaching'ono.

Ndiye tiyeni pa cholakwikacho, pakuti mpamene pagona nkhani. Musanalembe kalikonse dziwani kaye kukula kwake. Ndikuganiza kuti fomula yanu ikuoneka chonchi, ndangoyerekeza kuti kolamu yake ndi F:

```
=SUM(F2:F1000)
```

pomwe imayenera kukhala

```
=SUM(F2:F1201)
```

Mizere yotsala ndi kuyambira 1001 mpaka 1201, yonse 201 mwa mizere 1,200, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu ndi limodzi. Tiyerekeze kuti kolamuyo ndi chiwerengero cha anthu pa banja lililonse, inu munapeza 5,140 pomwe yankho lenileni ndi 6,172. Anthu 1,032 asowa. Wochonga ali ndi yankho lenileni pa pepala pake ndiye aona ndithu, za kuti mwina sazindikira ziiwaleni. Funso lenileni ndi lakuti nambala yolakwikayo yayenda mpaka pati. Pangani kope ya fayilo, ndikubwereza, kope, mutsegule imeneyo, dinani pa kabokosi ka SUM kaja, pitani pa Formulas musankhe Trace Dependents. Excel ijambula mivi kuloza mabokosi omwe akudalira nambala imeneyo mwachindunji, mudinenso kangapo kuti ionetse onse. Ngati palibe muvi ndiye mwataya funso limodzi basi. Koma ngati munagawa 5,140 ndi mabanja 1,200 kuti mupeze avereji, mwapeza 4.3 m'malo mwa 5.1, ndipo ngati avereji ija yalowa mu chati ndi m'ndime yomwe munalemba yofotokoza, cholakwika chimodzi chabala ana atatu. Mivi ija siona machati kapena manambala omwe munachita kutaipa ndi manja m'ndime ya mawu, amenewo muwasake nokha. Muonenso mafomula ena onse ngati sanathere pa 1000 yemweyo, chifukwa dzanja lomwe linakoka molakwika kamodzi limakhala linakokanso chimodzimodzi pa COUNTIF ndi pa PivotTable. Palibe chochititsa manyazi ngati kulemba imelo yoti ndapeza cholakwika chimodzi pomwe zilipo zitatu za mtundu womwewo.

Mukadziwa kukula kwake ndiye mungaweruze ngati n'choyenera kuchitchula. Ine muyeso wanga ndi uwu: ngati cholakwika chikusintha nambala yomwe abwana akanaitenga n'kuika mu lipoti, chitchuleni. Ngati ndi sipelo, mtundu wa chati, kapena mwangoganiza njira ina yokongola yomwe mukanachitira, chisiyeni, kulemba za zimenezo kumangokuonetsani ngati munthu wosakhazikika mtima. Chanuchi chili m'gulu loyamba mosakayika.

Koma mvetsani bwino, kuulula sikutanthauza kuti akuchongerani fayilo yatsopano. Panelo yachilungamo imachonga zomwe zinafika nthawi isanathe, apo ayi ndiye kuti inu mwapatsidwa masiku oposa 10 anzanu anapatsidwa awiri. Ndiye musapemphe zimenezo, ndipo ndinganene kuti olo fayilo yokonzedwayo musaiphatike, ingonenani kuti ilipo ngati angaifune. Mukaiphatika mukumuika wolandirayo pa vuto, aitsegule kapena ayi, ndipo ena amazitenga ngati mukufuna kulowetsa ntchito mochedwa mozembera. Phindu la kuulula limabwera kwina. Pa mapepala ambiri a malikisi njira ili ndi malikisi ake, yankho ake, ndiye wochonga akadziwa kuti vuto ndi pothera pa fomula osati kusadziwa SUM, sakulangani katatu pa avereji ndi pa chati. Komanso mukadutsa, funso limeneli likudikirani ku intavyu, munthu adzatsegula fayilo yanu patsogolo panu n'kufunsa kuti 5,140 munaipeza bwanji, ndipo ndi bwino kudzayankha muli woti munanena kale nokha.

Chomwe musachite zivute zitani ndi kulowa mu fayilo yomwe munatumiza n'kukonza mwakachetechete. Ngati inali fayilo yophatika pa imelo simungathe n'komwe, koma ngati ili pa Google Drive kapena Google Sheets chiyeso chimakhalapo. Tsiku lomwe fayilo yasinthidwa komaliza limaoneka, ndipo amene ali ndi chilolezo chosintha amatha kuona Version history yonse, ndani anasintha chiyani nthawi yanji. Pa panelo ina yomwe ndinakhalapo mnyamata wina anali pa nambala 2, ntchito yake yaukhondo kwabasi, mnzanga wina anangoti tadikirani, bwanji fayiloyi ikuonetsa kuti yasinthidwa Lamlungu usiku pomwe timatseka Lachisanu? Anali atangokonza kabokosi kamodzi. Kabokosi kameneko kakanamudyera malikisi awiri kapena atatu basi, koma nkhani inasintha, tinasiya kukamba za Excel tinayamba kukamba zoti munthu ameneyu tingamusiyire deta ya anthu olandira thandizo, ndipo dzina lake silinapite ku intavyu.

Imeloyo tsopano. Musayambe uthenga watsopano, pitani pa uja munatumizira mayeso mudine Reply, kapena Reply all ngati panali anthu angapo, kuti wowerenga aone pansi pake tsiku ndi nthawi yomwe munatumiza osavutika kusaka. Mutu wa imelo usiyeni mmene ulili, makamaka ngati muli nambala ya ntchitoyo. Mulemba m'Chingerezi poti ndi mmene akhala akukulemberani, koma mfundo zake zikhale izi ndipo zisapitirire apa:

"Ndinatumiza mayeso a ntchito yosamala deta Lachisanu pa deti lakuti, nthawi yakuti, monga zikuonekera pansipa. Ndikupempha munditsimikizire kuti munalandira komanso kuti fayilo ikutseguka. Ndikufunanso kukudziwitsani kuti nditaionanso ndapeza kuti pa funso 3, fomula ya mu kabokosi F1203 inathera pa mzere 1000 m'malo mwa 1201. Yankho lolondola ndi 6,172 osati 5,140, ndipo izi zikusintha avereji ya pa funso 4 kukhala 5.1. Ndikudziwa kuti muchonga zomwe ndinatumiza nthawi isanathe, fayiloyo sindinaisinthe. Ngati n'kotheka mundiuzeko nthawi yomwe tingayembekezere kumva za gawo lotsatira."

Basi. Manambala a mafunso ndi a kabokosi muikepo anu enieni. Taonani zomwe mulibemo. Mulibe nkhani ya magetsi, kuti anazima Lachinayi usiku ndiye ndinamalizira mothamanga, olo zili zoona, anzanu onse 24 magetsi anawazimiranso. Mulibe kupepesa kasanu. Mulibe kuti ndili ndi ana ndikuvutika chonde ndiganizireni, zimenezo wochonga zimangomumvetsa chisoni koma pa pepala pake palibe poti azilembe. Ndipo mulibe kuwakumbutsa mwaukali kuti munalonjeza sabata yatha, akudziwa. Funso la tsiku lili kumapeto dala, ndi limene munthu wotanganidwa angayankhe ndi mzere umodzi.

Ndati mawa osati lero chifukwa lero mukhale mukufufuza zija, komanso Lolemba maofesi ambiri amakhala pa misonkhano, maimelo a kumapeto a sabata ali mulu. Lachiwiri cha m'ma 8 kapena 9 m'mawa ndi bwino. Ngati mwamaliza kulemba usiku musatumize 11 koloko, Gmail ili ndi Schedule send, ikani nthawi ya m'mawa mukagone. Mukanakhala kuti cholakwikacho munachipeza Loweruka lomwe lija ndikanati tumizani Lolemba lake osadikira, pakuti chokonza chimathandiza kwambiri kuchonga kusanayambe. Ndipo kwa ena amene alibe chokonza, akungofuna kudziwa pomwe zafika, ine ndimati dikirani tsiku lomwe analonjeza lidutse ndi masiku awiri a ntchito, ngati sananene tsiku ndiye sabata imodzi yathunthu ya ntchito, osawerengera maholide ngati 6 Julaye kapena 15 Okutobala akagwera pakati. Cha mu Disembala ndiye onjezerani kuleza mtima, maofesi ambiri amatseka mpaka Januwale.

Za bambo a mu panelo aja. Ndikumvetsa, kwathu kuno timati ukakhala ndi munthu mkati zinthu zimayenda, ndipo msuweni wanu akufuna kukuthandizani. Koma taganizani mmene zikhalire kwa bambowo. Ngati mafayilo anachotsedwa maina, iwo sakudziwa kuti wanu ndi uti, inu mukangowauza kuti ndine uja SUM inathera pa 1000 mwadziulula, ndipo munthu woongoka ayenera kukanena kwa anzake kuti wina wandipeza kumbali. Mabungwe ambiri amasainitsa a panelo pepala loti alibe ubale ndi ofunsira ntchito, ena amalemberatu pa chilengezo cha ntchito kuti wonyengerera a mkati achotsedwa. Ndiye zikayenda bwino kwambiri bambowo angokuyankhani kuti dikirani, chomwe mukuchidziwa kale, zikavuta mwadzichotsa nokha n'kuwaikanso iwo pa mpanipani. Uthenga wa pa WhatsApp suchedwa kujambulidwa. Kusiyana kulipo ngati a ofesi yolemba ntchito eni ake ndi amene anayamba kukulemberani pa WhatsApp kapena anaika nambala pa imelo yawo kuti ofuna kufunsa aimbe, pamenepo mukhoza kugwiritsa njira yomweyo, nthawi ya ntchito, uthenga wolemba osati wa mawu.

Mukatumiza pali zinthu zingapo zingachitike. Akayankha kuti talandira, tikudziwitsani, ndiye mwamaliza, yankhani zikomo mzere umodzi osawonjezera funso lina. Akapereka tsiku, lembani pa kalendala muiwale mpaka lidutse. Akati sitinalandire, musakangane, tumizaninso uthenga woyamba uja ndi Forward kuti tsiku ndi fayilo yakale zioneke, muikepo ndi sikirinishoti ija, ndipo fayilo ikhale yomweyo ya cholakwika, osati yokonzedwa. Pamenepa mpamene anthu amagwa, amati mwayi wapezeka. Mwanena kale mu imelo kuti yankho lanu linali 5,140, ikafika fayilo yonena 6,172 mwadzigwira nokha.

Akapanda kuyankha dikirani sabata ina yathunthu, mulembenso kamodzi, mizere iwiri, pa uthenga womwewo, osabwerezanso za cholakwika. Kachiwiri kameneko n'komaliza, kupatula ngati mwapatsidwa ntchito kwina ndipo akufuna yankho lanu pofika tsiku lakuti, apo muli ndi chifukwa chenicheni, alembereni kuti ndapatsidwa mwayi wina ndiyenera kuyankha pofika Lachisanu koma mtima wanga uli kwa inu, kodi mungandiuze pomwe ndili? Zikhale zoona, chifukwa akhoza kungoyankha kuti zabwino zonse kumeneko. Zii wa masabata atatu kapena anayi nthawi zambiri amatanthauza kuti aitana ena ndipo akudikira woyambayo asaine kontirakiti asanauze otsala, n'chifukwa chake nthawi zina foni imadzalira patatha miyezi iwiri woyamba uja atakana malipiro. Choncho imelo yanu yomaliza isakhale yotukwana. Kuona ntchito yomweyo yalengezedwanso m'nyuzi ndiye chizindikiro chakuti ulendo uno sanapeze munthu kapena asintha zofuna.

Akakukanani mukhoza kupempha kuti akuuzeni pomwe munaperewera, koma funsani funso laling'ono, monga kuti kodi ndinatsalira kwambiri pa mafomula kapena pa kufotokoza zotsatira, chifukwa funso lakuti ndinalakwa pati palibe amene ali ndi nthawi yoliyankha. Ndipo kope yomwe mwakonza ija musaitaye. Musanadzatumize mayeso ena, dinani pa kabokosi kapamwamba ka kolamu ya deta, mupanikize Ctrl ndi muvi wolozera pansi muone mzere womwe ikukafikitsani, ikaima msanga ndiye kuti pali kabokosi kopanda kanthu pakati, panikizaninso mpaka pansi penipeni, nambala ya mzere umenewo muiyerekeze ndi yomwe ili kumapeto kwa fomula iliyonse. Deta mukaisandutsa tebulo ndi Ctrl+T mafomula olozera ku kolamu ya tebuloyo amatenga mizere yonse okha.